Kuyeza matope a mu Shire ndi kuwala: rezisita ndi kapasita ziwiri zokha

Dzinja likafika, madzi a Shire pa mlatho wa Matope amasanduka ofiira, ndipo dothi lomweli limakadzaza pa malo opangira magetsi a Nkula kumunsi kwa mtsinje. Ndinafuna kuyeza kuderako ndi manambala, osati ndi maso. Ndinathira madziwo m'botolo, kuwaunika ndi kababu ka LED, n'kuika fotodayodi ya BPW34 cham'mbali. Dothi likachuluka, kuwala kochuluka kumamwazikira m'mbalimo.

Vuto n'lakuti fotodayodi imatulutsa kalenti yochepetsetsa. Pa madzi oderatu ndinapeza 3 µA, ndiye kuti magawo atatu mwa miliyoni a ampeya imodzi. Kuti isanduke voteji yowerengeka, timagwiritsa ntchito opu-ampu. Yanga inali MCP6002 ya pa 5 V. Kathodi ya fotodayodi ipite ku mwendo wa (−), anodi ndi mwendo wa (+) zipite ku 0 V, ndipo rezisita Rf ilumikize potulukira ndi mwendo wa (−). Kalenti yonse imadutsa mu rezisitayo, choncho:

```
Vout = I × Rf
```

Ndinkafuna 3 V pa madzi oderatu, kuti ndisagunde denga la 5 V. Gawani 3 V ndi 3 µA, mupeza Rf = 1 MΩ. Mpaka apa n'zophweka.

Koma nditayatsa, zinandizunguza. Kababu ndinkakaphethiritsa ka 1,000 pa sekondi, kuti ndizichotsera kuwala kwa dzuwa poyerekeza koyaka ndi kozima. Pa osilosikopu yobwereka, mzere sunkakwera n'kukhazikika ayi: unkalumpha kupyola, n'kumanjenjemera ngati chingwe cha bangwe.

Chinkachitika n'chiyani? Fotodayodi payokha ili ngati kapasita. BPW34 ili ndi pafupifupi 70 pF ikakhala pa 0 V. Kuphatikiza miyendo ya opu-ampu, tinene kuti Cin = 80 pF. Uthenga wochokera potulukira umayenera kudzaza kaye kapasitayi kudzera mu 1 MΩ, ndiye umafika mochedwa. Taganizani za munthu wosakaniza madzi osamba amene amamva kutentha patapita nthawi: athira otentha mopyola, kenako ozizira mopyola, osalekeza. Opu-ampu nayo imakonza mopyoza chomwecho.

Mankhwala ake ndi kapasita kakang'ono, Cf, koikidwa mogundizana ndi Rf mbali zonse ziwiri. Kamapereka njira yachidule kwa kusintha kofulumira, uthenga n'kufika pa nthawi yake. Kuchepetsetsa kwake timawerengera motere:

```
Cf(min) = √( Cin / (2π × Rf × GBW) )
```

GBW ndi liwiro la opu-ampu, ndipo la MCP6002 ndi 1 MHz. Mukaika 80 pF, 1 MΩ ndi 1 MHz, yankho likhala pafupifupi 3.6 pF. Kutsika apa, kunjenjemera kuja kumabwerera.

Ndiye bwanji osangoika yaikulu basi? Ndinayesa 100 pF. Kunjenjemera kunatheratu, koma mzere unayamba kukwera mwaulesi, ngodya zake zitabulungira. Chifukwa chake n'chakuti Cf imadulanso liwiro limene dera lonse lingatsatire:

```
f = 1 / (2π × Rf × Cf)
```

Pa 100 pF, f ndi 1.6 kHz yokha. Tiyang'ane m'njira ina: Rf × Cf ndi 100 µs, ndipo voteji imafuna nthawi yotere kasanu kuti ikhazikike, ndiye 500 µs. Kababu kanga kamayaka 500 µs yomweyo, choncho kankazima voteji ikungofika kumene. Kuwerenga msanga pang'ono, madzi ankaoneka oyera kuposa mmene analili.

Kuti ngodya zioneke bwino, f ikhale pafupifupi kakhumi kuposa kuphethira kwa kababu, ndiye 10 kHz. Tembenuzani fomula, mupeza 16 pF. Ndinatenga 15 pF, yomwe imapezeka pogula: f yake ndi 10.6 kHz, imakhazikika mu 75 µs, komanso ili pamwamba pa 3.6 pF kanayi. Mzere unakwera n'kuima njii.

Chenjerani ndi waya. Mukaika fotodayodi kumapeto kwa waya wotchinga wa mamita awiri, mwaonjezera pafupifupi 200 pF. Cin ifika 280 pF, ndipo Cf(min) ikwera kufika 6.7 pF. Ya 15 pF ipirirabe, koma amene anaika 4.7 pF adzaonanso kunjenjemera. N'chifukwa chake opu-ampu imayenera kukhala pafupi ndi fotodayodi.

Yesani nokha: madzi a m'chilimwe ndi oyera, kalenti yatsika kufika 0.3 µA, ndiye mwasankha Rf = 10 MΩ. Kodi 15 pF ikupatsani f yanji? Nanga kababu kophethira ka 1,000 pa sekondi mukatsatirabe?