Madzi akumwa: tiwiritse, tithire klorini kapena tisefe?

Amayi anzanga, ife okhala kuno ku Kafue timakhala m'mphepete mwa mtsinje umene umamwetsa mzinda wa Lusaka. Madzi amakokedwa ku Iolanda, kuyeretsedwa ndi kutumizidwa m'mipope kumka ku likulu. Koma tonse tikudziwa kuti magetsi akathima mipopi yathu imauma, ndipo timathamangira ku chitsime cha anansi, ku dambo kapena ku mtsinje kumene. Pamenepo mayi aliyense amasanduka woyeretsa madzi wa pa banja lake.

Ndikafunsa ana a sukulu kuti madzi oipa tiwatani, onse amayankhira pamodzi kuti tiwiritse. Yankho limeneli ndi labwino, koma si lokwanira. Madzi amaipa m'njira zitatu: matope amene timawaona, tizilombo tosaoneka toyambitsa kolera ndi taifodi, ndiponso mankhwala osungunuka m'madzimo. Njira iliyonse yoyeretsera ili ndi mdani wake amene imamugonjetsa, ndi wina amene imamulephera. Choncho musanasonkhe moto, dzifunseni kuti madziwa achokera kuti, ndipo n'chiyani chingakhale chitalowamo.

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Januwale, mvula yagwa usiku wonse, mpopi wauma, ndipo mwatunga chigubu cha malita 20 pa chitsime chosaya chimene chili pafupi ndi zimbudzi. Madziwo ndi otuwa. Mukathira klorini nthawi yomweyo mwataya mankhwala, chifukwa mphamvu yake imathera pa matope ndi zinyalala, ndipo tizilombo tina timabisala m'timibulu ta dothi. Yambani mwawathira mu ndowa yovundikira kuti adikhe, ngati n'kotheka usiku wonse. M'mawa muwatsanulire mu ndowa ina pang'onopang'ono, osavundula zapansi, kudzera pa chitenje choyera chopinda kanayi. Chitenje chakale chochapidwa kawirikawiri chimasefa bwino kuposa chatsopano, pakuti ulusi wake wafewa ndi kutseka timipata. Ku Bangladesh anayesa njira imeneyi ndi nsalu za amayi, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2003 zinaonetsa kuti odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Taonani kuti ndi theka chabe. Nsalu imagwira dothi ndi tizilombo tokangamira pa zinyalala, koma toyandama patokha timadutsa. Kusefa ndi nsalu ndi kukonzekera basi, ntchito yeniyeni ikali m'tsogolo.

Tsopano madzi ayera, mukuona pansi pa ndowa. Apa ndi pamene klorini amagwira bwino. Botolo la Clorin, limene bungwe la Society for Family Health linayamba kufalitsa muno m'Zambia mu 1998, chivundikiro chake ndiye muyeso womwe. Werengani pa botolo muyeso wa malita 20, musachite kuganizira ndi maso. Ngati madzi akadali otuwa ngakhale mwasefa, thirani miyeso iwiri. Tsekani chigubu, chikhutchumuleni, ndipo mudikire mphindi 30. Ambiri a ife timalakwa pa kudikira pomwepa: mwana walira ludzu, ife n'kumupatsa patangopita mphindi zisanu, mankhwala asanamalize ntchito. Nthawi ikakwana nunkhizani. Kafungo ka klorini kayenera kumveka pang'ono. Ngati sikakumveka konse, dothi ladya mankhwala onse kapena botolo lasukuluka chifukwa chokhalitsa ndi kukhala padzuwa; thiraninso muyeso wina ndi kudikiranso. Mankhwala oyeretsera zovala amene anaikamo zonunkhiritsa musawathire m'madzi akumwa.

Ine ndimakonda klorini pa madzi a banja lonse pa chifukwa chimodzi chachikulu: amatsalira m'madzi ndi kupitiriza kulondera. Mwana akaviika kapu yakuda, mphamvu yotsalayo imalimbana ndi zimene zalowa. Madzi owiritsa alibe mlonda wotere. Akangozizira, dzanja limodzi losasamba likhoza kuwabwezera pomwe anachokera. Tinaona kufunika kwa zimenezi pa mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka Febuluwale 2024.

Komabe klorini ali ndi pomwe amalekezera. Pali kachilombo kotchedwa kriputosiporidiyamu, kokhala ndi chikhungwa cholimba, kamene sikafa ndi muyeso wa m'nyumba. Kamatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali makanda ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, monga amene ali ndi kachilombo ka HIV. Kwa iwowa wiritsani, chifukwa moto susiya kachilombo ka mtundu uliwonse. Madzi abwadamuke kwenikweni, osati kungotuluka tithovu m'mbali mwa poto, ndipo akhale akubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Sikofunika kuwasiya pa mbaula theka la ola. Ndi kuononga makala. Azizirire m'poto momwemo movundikira. Popeza makala ndi odula, palibe cholakwika kuwiritsa malita awiri kapena atatu a khanda ndi wodwala, banja lonse n'kumamwa a klorini.

Amene muli ndi sefa ya ndowa ziwiri yokhala ndi kandulo ya dongo lootcha, imagwira kachilombo kolimba kaja ndi tizilombo tambiri, koma mavairasi ena amadutsa, motero ndi bwino kuthirabe klorini. Madzi akayamba kutsika mofulumira kuposa masiku onse, musakondwere, kanduloyo yang'aluka.

Tsono mdani wachitatu uja ndiye amatikhudza ife a m'dera la mafakitale kuposa ena. Tazunguliridwa ndi ntchito za fetereza ndi za minda yothirira, ndipo mtsinje wathu umafika kuno utadutsa ku migodi ya ku Copperbelt. Pa 18 Febuluwale 2025 dziwe la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Madzi otere, amayi, simungawakonze ndi mbaula, ndi Clorin kapena ndi chitenje. Zitsulo zosungunuka sizifa, chifukwa si zamoyo.

Kuwiritsa kumaonjeza vuto. Mukudziwa mmene ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwera: madzi auluka, mchere watsala. N'chimodzimodzi ndi naitireti, mchere wochokera ku fetereza ndi ku zimbudzi, umene umalowa m'zitsime zosaya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Tinene kuti chitsime chili ndi 48, ndipo mwawiritsa malita asanu mpaka atatsala anayi. Lita iliyonse tsopano ili ndi 60. Naitireti alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amene amavulala ndi makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi, makamaka omwa mkaka wosungunula: magazi amalephera kunyamula mpweya, milomo ndi zala n'kuchita bii. Mukaona zimenezi thamangani naye ku chipatala.

Choncho madzi onunkha mafuta kapena mankhwala, okhala ndi utawaleza pamwamba, otungidwa kumunsi kwa ngalande ya fakitale kapena pamene nsomba zafa, asiyeni. Pitani kutali mukatunge a pa mpopi kapena pa kiyosiki, ngakhale mulipire. Ngati chitsime chanu chili pafupi ndi zimbudzi kapena minda ya fetereza ndipo m'nyumba muli khanda, pemphani wa zaumoyo wa pa kiliniki akuthandizeni kuti madziwo akapimidwe, ndipo mutchule naitireti mwachindunji, chifukwa kupima tizilombo kokha sikumuonetsa. Podikira zotsatira, mkaka ndi phala la mwanayo zikonzedwe ndi madzi a pa mpopi owiritsa.