Dziwani ufulu wanu: kupatsa m'bale mphamvu zoyendetsa katundu wanu

Malamulo amakulolani kupatsa m'bale wanu, ngakhale ali ku Joni, mphamvu zoyendetsa nyumba ndi akaunti yanu kuno ku Malawi. Pitani kwa loya ndi chiphaso chanu, mapepala a nyumba ndi nambala ya akaunti, akulembereni chikalata choti musaine pamaso pa mboni.

Musalembe kuti "aziyendetsa zanga zonse". Mawu amenewo angamutsegulire njira yogulitsa nyumbayo. Lembani kuti azitolera lendi, azilipira msonkho wa khonsolo, azitapa ndalama zosapitirira mwakuti, mpaka tsiku lakuti.

Funsiranitu kubanki, chifukwa mabanki ambiri amafunanso fomu yawoyawo. Akakana popanda chifukwa chomveka, kadandauleni ku Banki Yaikulu ya Malawi.

Mukasintha maganizo, thetsani mphamvuzo polemba kalata, ndipo banki muidziwitse tsiku lomwelo. Mukamwalira, mphamvuzo zimathera pomwepo.