Khate la chinangwa pakhomo panu: tizule kapena tisiye?

Kapepala aka ndi ka mabanja a mu Lusaka amene ali ndi chinangwa kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa mpanda. Ambiri mumachisungira chigwada, chimene ena kuno amachitcha katapa, ndipo ena mumadikira kukumba cha Manyokola chodyera tiyi. Masamba akayamba mawanga achikasu ndi kupiringizika, ena amathamangira mankhwala opopera, ena amazula munda wonse. Onsewa amataya ndalama kapena chakudya popanda chifukwa.

Matendawa amachokera kuti

Khate la chinangwa limayamba ndi kachilombo ka vairasi kamene kamakhala m'madzi a mtengo wonse, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Si matenda achilendo. Analembedwa koyamba mu 1894 m'dziko limene tsopano ndi Tanzania, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anawononga chinangwa cha ku Uganda mpaka alimi ambiri anasiya kulima mitundu yawo yamakolo.

Kachilomboka kamayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mbewu: mukadula mtengo wodwala n'kubzala zidutswa zake, pafupifupi zonse zimamera zili zodwala kale. Yachiwiri ndi ntchentche zoyera, tizilombo tating'ono kwambiri timene timakhala kunsi kwa masamba anthete ndipo timauluka mukagwedeza nsonga. Tikayamwa mtengo wodwala, timapatsira wabwino. Vairasiyu sakhala m'nthaka, choncho malo amene munazulapo mtengo wodwala mukhoza kubzalapo wina. Ku Zambia kuno njira yaikulu ndi mbewu. M'tauni n'zosavuta kumvetsa: mtengo umodzi wopempha kwa aneba kapena wobwera pa basi kuchokera kumudzi umadulidwa kasanu, ndipo mtengo wopanda masamba suonetsa ngati ukudwala.

Kuona tsamba

Yenderani chinangwa m'mawa kapena kukakhala mitambo, chifukwa dzuwa la masana limabisa mawanga. Tsamba la khate lili ndi zizindikiro ziwiri zimene zimayendera limodzi. Mtundu wake ndi wosakanikirana: malo ena obiriwira bwino, ena otumbuluka kapena achikasu, ndipo mawangawo sakhala ndi dongosolo. Kaumbidwe kakenso n'kolakwika. Mbali yachikasu imakula pang'onopang'ono kusiyana ndi yobiriwira, n'chifukwa chake tsamba limapindika, limachita makwinya, ndipo zala zake zina zimakhala zazifupi kapena zowonda. Mukapinda chala cha tsamba motsatira mtsempha wapakati, mbali ziwirizo sizilingana. Matenda akakula, masamba amachepa ndipo mtengo wonse umapinimbira.

Si chikasu chilichonse chimene chili khate. Nyengo yachilimwe, masamba a kunsonga amatha kukhala ndi timadontho tachikasu tambirimbiri ngati tobowola ndi singano, tofanana mbali zonse za tsamba. Imeneyo ndi ntchito ya tiakangaude tobiriwira, ndipo mvula ikabwera masamba atsopano amatuluka abwino. Nsonga ikakhwinyata n'kuunjikana, mkati mwake muli zoyera ngati ufa, ameneyo ndi kodikodi. Tsamba likachita chikasu pakati pa mitsempha mofanana paliponse koma osapindika, mtengo ukusowa zakudya zina m'nthaka, zimene zimachitikachitika pa nthaka ya miyala ya laimu imene ili m'madera ambiri a Lusaka, komanso pamene panatayidwa zotsala za simenti. Kumayadi akuluakulu a ku Kabulonga ndi ku Woodlands kuli chinanso: mankhwala ophera udzu pa kapinga akauluka ndi mphepo amapotoza masamba a chinangwa. Mudzadziwa chifukwa mbewu zina zoyandikana nazo zimapotokanso nthawi yomweyo. Zonsezi si zozulira mtengo.

Yambani kuyang'ana pansi

Mukatsimikiza kuti ndi khate, funso lotsatira ndi lakuti linalowa liti, pakuti yankho lake ndilo limakuuzani chochita. Musayambe ndi nsonga. Weramani muone masamba oyambirira, a pansi penipeni. Ngati iwonso ali ndi mawanga, mtengowo unabadwa ndi matenda kuchokera ku mbewu. Umenewu ndi umene umaluza kwambiri: pa mitundu yosapirira, zokolola zake zimatha kutsika ndi theka kapena kupitirira apo. Ngati masamba apansi ali abwino ndipo mawanga ali kumtunda kokha, ntchentche zoyera zinaupatsira utakula kale. Matenda olowa mtengo utapitirira miyezi 5 kapena 6 sachepetsa chinangwa kwenikweni, chifukwa mizu imakhala itakhazikika kale.

Kuona kotereku kumatheka mtengo ukadali ndi masamba ake oyamba. Akayoyoka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, umboni wapita. N'chifukwa chake miyezi itatu yoyambirira ndiyo yofunika kuyendera munda sabata iliyonse.

Tiyerekeze

Banja lina ku Chelstone labzala mitengo 20 pakati pa Disembala, mvula itakhazikika, motalikana mita imodzi. Pakati pa Januwale amayi a pakhomopo akuyendera ndipo akupeza mitengo 3 ili ndi mawanga kuyambira masamba apansi, iwiri mwa iyo yopinimbira. Ina 17 ili bwino. Apa palibe chodikira: itatuyo izulidwe tsiku lomwelo. Sinayambe kuika chinangwa, ndiye palibe chimene chatayika, ndipo ikasiyidwa idzakhala nkhokwe imene ntchentche zoyera zizitapamo matenda nyengo yonse ya mvula. M'maenjemo abwezeretse zidutswa zabwino mwamsanga, mitengo inayo isanatalike n'kuziphimba ndi mthunzi. Akasowa zidutswa zabwino, mpata wotsala usawadetse nkhawa, chifukwa mitengo yoyandikana nawo imapeza malo ndipo imabweza gawo la zimene zikadatayika.

Mu Meyi akuyenderanso ndipo mitengo ina 2 yaonetsa mawanga kunsonga kokha. Imeneyi ili ndi miyezi isanu, chinangwa chayamba kukula pansi. Kuizula tsopano n'kutaya chakudya. Aisiye, koma amangirire kansalu pa tsinde la uliwonse. Kansaluko n'kofunika chifukwa mtengo wodwala umatha kutulutsa masamba ooneka abwino kukatentha, kapena kuyoyola onse, ndipo pofika nthawi yodula mbewu palibe amene angaukumbukire. Vairasi amakhala akadalimo.

Tsopano taganizirani pakhomo pena ku Kabwata, pamene malo ndi ochepa: mitengo 8 m'mbali mwa khoma, yonse yochokera kwa munthu mmodzi, ndipo 7 ili ndi khate. Kuzula pano sikuteteza chilichonse, popeza wotsala umodziwo mwina nawonso uli nako kale kachilomboka. Ngati mitengoyo ikukulabe ndi kupereka ndiwo, idyeni, kumbani chimene chaika, koma musadulepo mbewu ngakhale kachidutswa kamodzi, ndipo musapatse mnzanu. Mukakolola chotsani zonse, mudzayambe ndi mbewu yatsopano mvula ikubwerayi. Umene wapinimbiriratu osakula, uzuleni nthawi iliyonse, chifukwa sudzaika kanthu.

Mwachidule, kuzula kumapindula mitengo ikadali yaing'ono ndipo yodwala ili yochepa, monga umodzi kapena iwiri pa khumi iliyonse. Koma amene akulima n'cholinga chogawa kapena kugulitsa mbewu alibe mwayi wosankha: mtengo uliwonse woonetsa khate uchoke, kaya ndi wamkulu bwanji.

Palinso chinangwa cha mpira, chija chimakula ngati mtengo ndipo ambiri amachisunga zaka ndi zaka chifukwa cha masamba. Nachonso chimagwidwa khate, ndipo poti sichikololedwa, chimasunga matenda kuchokera chaka china kufikira china. Ngati chili pafupi ndi pamene mukufuna kubzala mbewu yabwino, chiyang'aneni kaye.

Pozula

Zulani mtengo wonse ndi chitsa chake, pakuti chitsa chotsala chimaphukira ndi matenda omwewo. Utulutseni pakati pa chinangwa china, muudule tizidutswa, muuyanike padzuwa pa simenti kapena pa lata mpaka uume. Masamba akafota ntchentche zoyera siziyamwanso. Musauponye m'ngalande kapena pa dzala lonyowa, chifukwa chinangwa chimamera ngakhale chitangogonekedwa, ndipo wodutsa akhoza kuchitola kukabzala. Ukauma mukhoza kusonkhezera moto.

Za thanzi la banja

Vairasi wa khate la chinangwa sagwira munthu, nkhuku kapena mbuzi, ndipo alibe ubale uliwonse ndi khate la anthu. Masamba a mawanga ndi chinangwa cha mtengo wodwala zimadyedwa. Chimene muyenera kusamala nacho ndi chomwe chija cha masiku onse: masamba a chinangwa chilichonse ali ndi poizoni wachilengedwe. Asinjeni bwinobwino mu mtondo, muwawiritse mokwanira m'poto wosavundikira, ndipo ana asawalawe aawisi. Chinangwa chowawa sichidyedwa chisanaviikidwe m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa. Munthu akayamba chizungulire, mutu kapena kusanza atadya chinangwa, apite naye kuchipatala msanga.

Ngozi ina imabwera ndi botolo la mankhwala. Palibe mankhwala opopera amene amachiza khate, chifukwa kachilomboka kali mkati mwa mtengo. Ngakhale kupopera ntchentche zoyera sikuthandiza kwenikweni, popeza zina zimabwera kuchokera kumayadi oyandikana. Chimene chimatsala ndi poizoni pa nsonga zomwezo zimene mawa mudzathyola kukaphika. Ngati pakhomo pali wantchito wa m'dimba, muuzeni momveka kuti chinangwa chisapoperedwe.

Mbewu ya chaka chamawa

Sankhani mitengo ya mbewu ikadali ndi masamba, miyezi ya mvula, ndipo muionenso kangapo musanadule. Tengani ku mitengo yokhwima imene sinaonetsepo mawanga, makamaka yotalikirana ndi yodwala. Chidutswa chikhale cha masentimita 25 mpaka 30, cha maso 5 mpaka 7. Mukapempha kwa mnzanu, pemphani kuona munda wake, osati mtolo wokha.

Manyokola ndi wokoma koma sapirira khate, ndiye amafuna diso lakuthwa posankha. Bungwe la boma lofufuza za ulimi la ZARI, limene likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga, linatulutsa mitundu monga Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo mu 2000. Mitundu imasiyana kapiriridwe kake, ndipo ina ndi yowawa, yoyenera ufa osati kuphika yaiwisi, choncho funsani alangizi a zaulimi musanasankhe.

Chenjezo lomaliza ndi la amene amabweretsa mbewu kuchokera kumpoto. Mu 2017 matenda ena oopsa a chinangwa anapezeka ku Chienge ndi ku Kaputa. Amenewa amachititsa chikasu motsatira mitsempha ya masamba akale apansi popanda kuwapinda, ndipo chinangwa chake mukachidula mumapeza zouma zofiirira mkati. Mukaona zotere pakhomo panu, musagawe mbewu kwa aliyense, ndipo kadziwitseni ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu.