Chimanga ndi Nyemba Zofumbwa: Tidye Kapena Titaye?

Thumba la chimanga chimene tinakolola mu Meyi likatsegulidwa mu Okutobala kapena Novembala, nthawi yotentha, kawirikawiri timapezamo zinthu zitatu. Maso a chimanga amakhala ndi timabowo, pansi pa thumba pamakhala fumbi longa ufa, ndipo nthawi zina pamwamba pamakhala ulusi wonga wa kangaude. Ambiri a ife timangoti “chafumbwa” n’kuthera pomwepo. Koma zizindikiro zitatuzi zimachokera ku tizilombo tosiyana, ndipo palibe n’chimodzi chomwe chimene pachokha chimatanthauza kuti chakudyacho chili ndi poizoni. Choopsa chenicheni ndi chuku, chimene chimakonda kubwera m’mbuyo mwa tizilomboti.

Tiyambe ndi timabowo. Nankafumbwe wamkazi amaboola kadzenje kakang’ono kwambiri pa diso la chimanga, n’kuikiramo dzira limodzi, kenaka n’kumata pakhomo pake. Mphutsi imaswa m’kati, imadya m’kati momwemo, ndipo kukatentha imatuluka ili nankafumbwe wamkulu pakatha milungu pafupifupi isanu. Choncho bowo limene timaliona ndi potulukira. Izi zikutiphunzitsa chinthu chofunika: maso ooneka abwinobwino akhoza kukhala ndi mphutsi m’kati. N’chifukwa chake munthu amapeta chimanga lero mpaka kuyera, koma pakatha milungu iwiri n’kupezamonso anankafumbwe, n’kumadabwa kuti achokera kuti.

Nyemba zili ndi afumbwe akeake. Mphutsi zawo zimalowa m’nyemba zikangoswa, ndipo nyemba imodzi imatha kusunga mphutsi zingapo. Zikatsala pang’ono kutuluka, pakhungu la nyemba pamaoneka kadontho kozungulira kodera, ngati kazenera kotseka. Kachilombo kakakankha kazenerako pamatsala bowo lozungulira bwino ngati loboola ndi msomali. Tikaona timazenera totere pa nyemba zimene tikufuna kugula pamsika, tidziwe kuti tikugula ndi alendo omwe.

Ulusi uja amaluka ndi mphutsi za timagulugufe ting’onoting’ono touluka madzulo m’chipinda chosungiramo zakudya. Mphutsizi zikamayenda zimasiya ulusi umene umamanga pamodzi maso a chimanga, ndowe zawo ndi makoko. Zimakonda pamwamba pa thumba, m’misoko, ndiponso ufa ndi chimanga chosweka. Apa tiyenera kusamala, chifukwa ulusi ndi chuku zimafanana tikaziona patali. Ulusi tikaukoka ndi kamtengo umatamuka, maso a chimanga n’kumalendewera, ndipo maso akewo amakhala ouma ndi oyera. Chuku sichitamuka. Chimamera pa diso penipenipo ngati thonje kapena fumbi, chimakhala chobiriwira, chachikasu, chakuda kapena chofiirira, ndipo chimanunkha ngati chovala chimene chinapindidwa chisanaume.

Fumbi ndi zotsalira za chakudya chimene tizilombo tadya, zosakanikirana ndi ndowe zawo. Likakhala lochuluka kwambiri, mpaka kumatuluka m’thumba n’kuyeretsa pansi, tikayikire kachilombo kena kakuda, kobulungira ngati kachidutswa ka machesi, kamene kwawo ndi ku Central America. Kanapezeka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m’ma 1970, kenaka kanafalikira m’maiko oyandikana, kuphatikizapo Malawi. Kameneka kamaboola chimanga chambiri koposa chimene kamadya, ndipo kamalowa ngakhale m’mitengo ya nkhokwe ndi m’makaka a chinangwa. Thumba lokhala ndi kachilombo kameneka si loti tinene kuti tidzaliona mwezi wamawa.

Nanga chuku chimalowa bwanji m’nkhaniyi? Tizilombo tikachuluka, kupuma kwawo kumatulutsa kutentha ndi chinyezi m’kati mwa thumba, ndipo timabowo tija timakhala makomo olowera chuku. Mitundu ina ya chuku imapanga poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi. Poizoniyu alibe fungo lake, ndipo satha ndi kuphika nsima kapena kukazinga. Mu 2004, ku Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi afulatokisini wambiri. Kudya pang’onopang’ono kwa zaka kumawonjezera ngozi ya khansa ya chiwindi.

Tsopano tiyerekeze kuti tili ndi thumba la makilogalamu 50 ndipo tikufuna kuliweruza. Choyamba tilowetse mkono mpaka pakati. Ngati m’kati mukutentha koposa kunja, kapena tikukhudza zibuma zolimba, ndiye kuti muli chinyezi. Kenaka titape dzanja limodzi pamwamba, lina pakati, lina pansi, chifukwa fumbi ndi tizilombo tambiri zimatsikira pansi ndipo pamwamba pokha pakhoza kutinamiza. Tisakanize, tiwerenge maso 100, ndipo tiwagawe m’milu itatu: abwino, oboola, ndi osintha mtundu kapena owola. Tinene kuti tapeza abwino 80, oboola 18, osintha mtundu 2, thumba silikutentha ndipo fungo lake ndi la chimanga basi. Chimanga chotere n’chodyeka. Tichisefe kuti fumbi lichoke, tichipete, tichiyanike padzuwa chopyapyala pamkeka, ndipo tisankhe ndi manja maso onse osintha mtundu n’kuwataya. Kusankhaku n’kotopetsa, koma ndi kumene kumachotsa ngozi yaikulu, chifukwa poizoni amaunjikana m’maso ochepa owonongekawo. Chimanga chotere ndi bwino kuchikonola m’malo mogayitsa mgaiwa, popeza kukonola kumachotsa khungu ndi mtima, kumene zoipa zambiri zimakhala. Kumachepetsa chabe, sikumaliza. Ufa wake udzakhala wochepa ndipo nsima yake siikoma ngati ya chimanga chatsopano, koma imeneyo ndi nkhani ya kukoma.

Koma ngati mulu wa maso osintha mtundu ndi waukulu, pali zibuma zobiriwira, ndipo fungo la chuku likutilonjera tikangomasula chingwe, thumbalo silidyekanso. Kulitsuka kapena kuliyanika kumachotsa fungo koma poizoni amatsala. Tisalipatsenso ziweto: nkhuku zimadwala nalo, ndipo ng’ombe ya mkaka imatibwezera poizoniyo mumkaka. Chotere n’chokwirira m’dzenje.

Nyemba n’zosavuta kuweruza. Tikazithira m’madzi, zambiri zimene zadyedwa m’kati zimayandama pamodzi ndi tizilombo, ndipo timaziyengula n’kutaya. Zomira, ngati zilibe chuku, tizitsuke n’kuphika. Zonyowetsazi n’zophika tsiku lomwelo, sizibwereranso m’thumba. Zombewu ndiye zina. Nyemba kapena chimanga choboola chikhoza kudyeka koma osamera, ngati mphutsi inadya mtima wake. Tisanadalire mbewu yotere tifese 100 m’mchenga wonyowa, ndipo pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi tiwerenge zimene zamera.

Chotsala ndi chimanga chimene tapeta chija, chimene tanena kuti chikadali ndi mphutsi zobisika. Chikhale chouma ndithu tisanachisungenso. Tithire dzanja limodzi la chimanga m’botolo louma pamodzi ndi supuni ziwiri za mchere wouma, titseke, tikhutchumule kwa mphindi imodzi, n’kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m’mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Chikauma tichiike m’thumba losalowa mpweya, la mapulasitiki m’kati, kapena m’chigubu chotseka bwino chodzaza mpaka pakamwa. Tizilombo timatha tokha mpweya uli m’katimo n’kufa, bola tisamatsegule kwa mwezi wathunthu. Mankhwala a ufa othira m’chimanga titsate muyezo ndi masiku odikira olembedwa pa botolo lake. Mapiritsi aja ofukizira amene amagulitsidwa m’misika amatulutsa mpweya wakupha munthu, ndipo sayenera kulowa m’nyumba kapena m’chipinda chimene mumagona anthu.