Kuwerengera mtengo wa thirakitala ndi wa ganyu pokonza munda ku Milange

Mlimi wa m'boma la Milange, lomwe lachita malire ndi Mulanje pa Muloza, ayenera kuyamba ndi kuyeza munda wake, pakuti mwini thirakitala amalipiritsa pa hekitala pomwe aganyu amawerengera mizere. Hekitala ndi malo a mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo imaposa pang'ono maekala awiri, kufikira pafupifupi awiri ndi theka. Motero munda wa mamita 150 ndi 100 ndi hekitala imodzi ndi theka.

Akatero afunse ntchito zimene mtengo wa thirakitala ukuphatikiza, chifukwa pulawo imangogalauza nthaka n'kusiya zibuma, ndipo kuphwanya zibumazo ndi ntchito ina yolipiridwa payokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poyerekeza kugalauza kokhako ndi ganyu yemwe amasiya munda uli wongodikira mbewu. Mwachitsanzo, ngati kugalauza kwatchulidwa pa mametikali 4,000 pa hekitala ndipo kuphwanya zibuma pa 2,500, munda uja udzadya 6,000 ndi 3,750, zonse pamodzi 9,750. Ofuna mizere ya chimanga awonjezereponso ndalama zoungira mizereyo, ndiponso afunsiretu ngati mafuta a ulendo wofikira kumunda ali pa iwo.

Kumbali ya khasu, mizere yotalikirana masentimita 75 imakwana 200 m'mundawo, uliwonse wa mamita 100. Mzere ukagwirizanidwa pa mametikali 40, ganyu yense ndi 8,000, ndipo ngati munthu amatha mizere inayi patsiku, anthu asanu adzagwira masiku khumi, kotero kuti chakudya cha mametikali 40 pa munthu patsiku chidzawonjezera 2,000, zonse pamodzi 10,000. Aganyu akafuna malipiro m'makwacha, monga zimachitikira m'malire, ndalamayo isinthidwe pa mtengo wa tsiku lomwelo isanayerekezedwe.

Pa mitengo yotere 9,750 ndi 10,000 sizisiyana kwenikweni, ngakhale kuti 9,750 siphatikiza kuunga mizere, ndipo chogamula ndi nthawi. Thirakitala ingamalize munda wotere m'tsiku limodzi, koma mvula ikayamba mu Novembala aliyense amaifuna nthawi imodzi, ndipo wodikira pamzere angabzale mochedwa kuposa amene adayamba ndi makasu mu Okutobala. Thirakitala ikabwera nthaka idakali youma, pulawo imangopalasa pamwamba, pomwe pa nthaka yonyowa kwambiri matayala amatsendereza dothi. N'chifukwa chake mlimi asamalize kulipira asanazike ndodo m'malo angapo, kuti aone ngati dothi lofewa lafika masentimita pafupifupi 20.

Minda ya zitsa, ya miyala kapena yotsetsereka ngati ya m'mphepete mwa phiri la Tumbine ndi yoyenera khasu, pakuti kuzula zitsa kokha kungapose mtengo wa kugalauza. Munda wosakwana theka la hekitala nawonso sukopa mwini thirakitala, pokhapokha alimi oyandikana minda atagwirizana tsiku limodzi kuti agawane mtengo wa ulendo.