Akauntanti wachinyamata amapeza bwanji makasitomala ku Chiradzulu?

Wachinyamata amene wamaliza maphunziro owerengera ndalama n'kubwerera kwawo ku Chiradzulu sagulitsa katundu woti munthu n'kumugwira kapena kumuyeza pa sikelo. Wogula tomato pa Mbulumbuzi amaona yekha ngati wapsa, koma wofuna akauntanti amayamba waulula kaye mpamba wake, ngongole zake ndi zimene amapeza, asanaone phindu lililonse. Choncho chimene amalonda amagula poyamba ndi dzina la munthuyo. Dzinalo limamangidwa ndi zimene anthu akunena pamsika, ndipo foni imangothandiza kuti mawuwo afike patali.

Choyamba ndi kusankha ntchito imodzi yoti adziwike nayo. Amene amalemba pa chikwangwani kuti amachita "zonse zokhudza ndalama" sakumbukika, chifukwa wamalonda sadzuka m'mawa n'kufuna zonse. Amadzuka ndi vuto limodzi. Wina akufuna nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA kuti athe kuperekera chimanga kapena nyemba kusukulu yogonera. Wina akufuna mabuku olongosoka oti akaonetse kumene akupempha ngongole. Gulu la alimi a mkaka kapena la banki m'khonde likufuna munthu woti aliwerengere bwino pogawana. Wachinyamata asankhe limodzi mwa mavutowa, ndipo ntchito yake ikwane m'chiganizo chimodzi chimene mayi wogulitsa masamba angathe kubwereza kwa mnzake osasokoneza, monga chakuti, "Uja amawerengera ogulitsa tomato phindu lawo lenileni."

Chachiwiri ndi kugwira ntchito imene mwini wake angafune kuikamba. Mwachitsanzo, mayi wina amapikula madengu 10 a tomato pa K25,000 lililonse, n'kukagulitsa ku Limbe pa K32,000. M'mutu mwake amawerenga kuti akupindula K7,000 pa dengu, kutanthauza K70,000 pa ulendo umodzi, koma akudabwa kuti mpamba sukukula. Akauntanti amupatsa kope la mizere inayi: tsiku, zolowa, zotuluka ndi zotsala, ndipo akumana naye pakatha sabata. M'kopemo mukuoneka kuti tomato wokwana dengu lathunthu amaphwanyika kapena kuola pa ulendo uliwonse, choncho wogulitsika ndi madengu 9, omwe abweretsa K288,000. Pochotsa K250,000 yopikulira, K20,000 ya thiransipoti ndi K3,000 ya onyamula ndi chiphaso chamsika, patsala K15,000 yokha.

Apa mayiyo waona kuti dengu lowonongekalo likumudyera ndalama zoposa za thiransipoti, ndipo atha kuganiza zochepetsa kusanjikiza madengu kapena kusankha tomato wosapsetsa. Nkhani ngati imeneyi ndiyo imayenda m'minibasi. Mayiyo sadzanena kuti mnyamata uja ali ndi dipuloma. Adzanena kuti anamuonetsa pamene ndalama zake zinkatayikira. Nthawi yabwino yopempha kuti amutchule kwa anzake ndi yomweyo, mayiyo akadali wokondwa, ndipo pempho likhale lachindunji: "Mayi, ngati pali anzanu awiri amene mumapikula nawo limodzi, muwapatse nambala yangayi."

Pakamwa pomwepo ndi pamene dzina limafera. Pa Namadzi kapena pa Namitambo anthu amadziwana, ndipo mbiri sigonera. Akauntanti akangouza mnzake pa bawo kuti mwini golosale wakuti ali ndi ngongole yaikulu, ndiye kuti wataya msika wonse, chifukwa aliyense aganiza kuti mawa zake nazonso zimveka. Chinsinsi cha kasitomala sichikambidwa ngakhale kunyumba. Chimodzimodzi pa foni: chithunzi cha kope la munthu, lisiti yake kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza dzina lake sizoyenera kuonetsedwa kwa ena pofuna kudzitsatsa.

Pa intaneti, chida choyambira ndi WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere. Imalola munthu kulemba dzina la bizinesi, malo, maola ogwira ntchito ndi mndandanda wa ntchito zake pamodzi ndi mitengo. Dzina likhale limodzi paliponse, pa WhatsApp, pa Facebook, pa lisiti ndi pa nambala yolandirira ndalama. Kasitomala akamatumiza ndalama n'kuona dzina lachilendo amakayikira, ndipo sakulakwa, poti akuba a pa foni achuluka.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Uthenga wa pa Status umatha pakadutsa maola 24, ndipo umaonedwa ndi anthu okhawo amene anasungirana manambala ndi mwini wake. Wachinyamata akhoza kulemba tsiku lililonse koma owerenga n'kukhala azibale ake ndi anzake a kusukulu okha. N'chifukwa chake ntchito ya pa foni imayambira pamsika: aliyense amene wacheza naye amupemphe kusunga nambala pompo, nayenso asunge yake. Zolemba zikhale m'Chichewa, zazifupi, ndipo chilichonse chiyankhe funso limodzi, monga mmene munthu angalembere katundu amene watenga pa sitolo yake kukadya kunyumba. Ena amamva bwino uthenga wa mawu wa mphindi imodzi kusiyana ndi zolemba. Kawiri pa sabata mosadumphitsa n'kokwanira.

Dzina labwino limafunanso kudziwa malire. Ku Malawi ntchito ya maakauntanti imayendetsedwa ndi lamulo la 2013, ndipo mabungwe oyang'anira ndi Malawi Accountants Board ndi ICAM. Kulembera munthu mabuku a tsiku ndi tsiku n'kosiyana ndi kuchita oditi, yomwe ndi ntchito yofufuza mabuku n'kusayinira kuti ndi oona. Oditi amachita okhawo amene ali ndi chilolezo. Wachinyamata anene maphunziro amene ali nawo osawonjezera, ndipo ntchito imene yamukulira aitumize kwa amene ali ndi chilolezo. Asalonjeze kuti adzachititsa munthu kusalipira msonkho, komanso asamasunge ndalama ya msonkho ya kasitomala m'thumba mwake. Mwini bizinesi alipire yekha kudzera m'njira zovomerezeka ndi MRA, ndipo asunge umboni wake. Kwa amalonda, izi ndi zizindikiro zodziwira woyenera kumudalira: amanena mtengo ntchito isanayambe, amapereka lisiti, ndipo amabweza makope pa tsiku limene analonjeza.

Pomaliza, akauntanti aziwerengera dzina lake monga mmene amawerengera ndalama za ena. Kasitomala watsopano aliyense amufunse kuti anamva kwa ndani, ndipo yankholo alilembe. Ngati pakatha miyezi itatu wapeza anthu 12, ndipo 8 anabwera chifukwa cha mawu a anzawo, 3 anaona pa Status ndipo mmodzi yekha anachokera pa Facebook, ndiye kuti ndalama ya kabaza yopitira kumsika ikubweza kuposa yolipirira malonda pa Facebook. Koma ngati makasitomala akale sanatumizepo munthu ngakhale mmodzi, vuto silili pa kutsatsa. Ayenera kubwerera kwa amene anawathandiza kale, n'kukafunsa ngati kope lija akulilembabe, ndipo ngati anasiya, amve chimene chinawavuta.