Msampha wolandira mpira

Funso: Bambo, ndimaphunzitsa anyamata mpira kuno ku Senga Bay, ndipo ndikawauza kuti apanikize adani, amangothamanga chisawawa mpaka kutopa. Kodi msampha umatcheredwa bwanji? Wowerenga wa ku Salima.

Yankho: Inu a kunyanja mukudziwa kuti mono suthamangitsa nsomba, koma umaisiyira khomo lolowera lopanda potulukira, chomwechonso msampha wa pabwalo. Musiyeni dala wotseka kumbuyo wa m'mbali wa adani akhale yekha, kuti anzake amuyese womasuka. Mpira ukangochoka pa phazi kulunjika kwa iye, wakutsogolo wanu athamange mokhota kutseka njira yobwezera, wa m'mbali amufikire, wapakati nayenso agwire mdani amene ali pafupi, ndipo mzere wa m'mphepete mwa bwalo udzakhala mlonda wachinayi amene simunamulembe ntchito.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamata anu asanyamuke kufikira ataona chizindikiro: mpira woperekedwa mofooka, wolandira atafulatira golo lanu, kapena mpira wonjanja umene wamuthawa phazi, chimene pa mabwalo athu a mchenga ndi mabampu sichisowa. Mdani akaukhazika bwino ndi kudzutsa mutu, nthawi yapita; abwerere m'malo mwawo.

Msampha umafwamphuka pamene mmodzi wachedwa, kapena otseka kumbuyo anu atsalira kutali, pakuti pamenepo mpira umodzi wodutsa pakati umasiya anyamata atatu kumbuyo kwake. Sankhani mnyamata mmodzi wofuula kuti "Tiyeni!", ndipo enawo asasunthe asanamve liwu lake.